Khasu latsamira khoma: mkangano wa ndakatulo ya pa posita

Chithunzicho chinayamba kuzungulira m'mafoni kutatsala masiku owerengeka kuti lifike Tsiku la Amayi, lija timakumbukira pa 15 Okutobala. Wina anajambula posita yomwe inamatidwa pakhoma la holo ya sukulu ina ya sekondale, ndipo pa positayo panali kandakatulo ka Chingerezi. Amene anachiponya pagulu lathu la aphunzitsi ndi otsogolera makwaya anangopempha kuti wina akaike kandakatuloko m'Chichewa. Pofika madzulo panali zomasulira zitatu, ndipo pofika mawa lake anthu anali atagawikana, ena akuti womasulira wabwino ndi amene sasiya liwu ngakhale limodzi, ena akuti ndakatulo yosakoma m'khutu si ndakatulo. Mkanganowu si wachilendo. Umabuka nthawi iliyonse kwaya ikafuna kuimba m'Chichewa nyimbo yomwe inaimva m'chilankhulo china, kapena banja likafuna kuika mawu achitonthozo pa pulogalamu ya maliro. Ine ndili kumbali ya khutu. Ndikuti pomasulira ndakatulo kapena nyimbo, ngati liwu lenileni likulimbana ndi kayendedwe ka mzere, liwulo ligonje. Koma pali zinthu zinayi zomwe sizigonja: amene akulankhula, amene akumulankhula, chimene chachitika, ndi mmene mwini ndakatulo akuchimvera mumtima. Womasulira akasunga zinayizi, mawu enawo ali ndi ufulu wowasuntha.

Kuti tisamakangane m'malere, tiyambe taiona ndakatuloyo. M'Chingerezi inali ya mizere inayi. Mzere woyamba unali ndi maphatikizo 8, wachiwiri 6, wachitatu 8, wachinayi 6, onse pamodzi 28, ndipo liwu lililonse linali la phatikizo limodzi. Mzere wachiwiri ndi wachinayi inkathera pa kamvekedwe kofanana. Mnzathu wina, mphunzitsi wa Chingerezi wodziwa bwino ntchito yake, anaimasulira liwu ndi liwu motere:

Moto wazima, mphika ndi wozizira,
khasu lako laima pafupi ndi chitseko;
mvula yabwera, chimanga ndi chachitali,
koma subweranso kunyumba.

Palibe liwu la Chingerezi lomwe analisiya. Koma tawerengani maphatikizo ndi zala, kukumbukira kuti m wa mu "mphika" amaima payekha pomwe wa mu "mvula" saima. Mupeza 13, 14, 13 ndi 9, onse pamodzi 49. Chimene m'Chingerezi chinkatha ndi mpweya umodzi pa mzere uliwonse, apa chikufuna kupuma pakati. Choipa kwambiri n'chakuti mizereyo sikuyenda pamodzi: itatu ndi yaitali, wotsiriza ndi waufupi, ndiye wolakatula amafika kumapeto ngati munthu amene waponda pomwe amayesa kuti pali sitepe ina. Ndipo "chimanga ndi chachitali" ndi mawu oti mlangizi wa zaulimi alembe mu lipoti. Munthu wolira satero.

Yomwe ine ndinapereka, nditaona chithunzi chachiwiri chimene ndichifotokoze patsogolo, ndi iyi:

Pamafuwa pangoti zii,
khasu latsamira khoma,
chimanga chanu chakula,
amayi, simubweranso.

Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 8. Ndipo ndivomereze ndekha zimene ndinachita, asanandiwerengere ena. Moto ndi mphika ndinazisonkhanitsa pamafuwa. Chitseko ndinachisandutsa khoma. Mvula ndinaitaya. Umwini ndinauchotsa pa khasu n'kuuika pa chimanga. Liwu loti "koma" ndi loti "kunyumba" palibe, ndipo ndinalowetsa "amayi" amene mu mzere wa Chingerezi munalibe. Ameneyu ndiye mlandu wanga wonse, ndipo otsutsa anaugwira mbali zonse.

Chotsutsa choyamba, chomwenso ndi cholemera kuposa zonse, ndi cha chilungamo. Iwo akuti ndakatuloyo ili ndi mwini wake. Iye anasankha chitseko, ndiye iwe ndiwe yani kuti uike khoma? Ukasintha mawu a munthu n'kumati ndi ake, wamunamizira. Ngati ukufuna kulemba yako, lemba yako. Mfundo imeneyi sindiipeputsa, chifukwa pa kalata ya kukhoti kapena pa malangizo a kamwedwe ka mankhwala ine ndiye woyamba kuiteteza. Koma funso ndi lakuti mlakatuliyo anasankha chiyani kwenikweni. Sanasankhe chitseko chifukwa khasu silingakhale pena. Anachisankha chifukwa m'Chingerezi liwulo ndi lalifupi ndipo limamveka mofanana ndi liwu lotsiriza la ndakatuloyo. Kunena kwina, naye ankamvera khutu. Anasankhanso kuti mawu ake akhale aafupiafupi, ogunda ngati mapazi a munthu woyenda pang'onopang'ono, ndipo kufupikako ndi mbali ya zimene analemba monga mmene chitseko chilili. Choncho amene wasunga chitseko n'kutaya kufupika nayenso wasiya kanthu ka mwini wake, kungoti chimene wasiyacho sichioneka ndi maso poyerekeza mapepala awiri. Palibe womasulira amene amabwera ndi katundu yense. Kusiyana kuli pa chimene wasankha kusiya panjira, ndipo ine ndikuti chitseko n'chopepuka kuchisiya kusiyana ndi kayendedwe. Khasu lotsamira khoma ndi khasu lomwe mwini wake analisiya akuti alitenganso mawa. Chithunzi chake n'chomwecho, ndipo kwathu kuno makasu amatsamiradi makoma.

Pamenepa ena anati ndikungodzikometsera, kuti zimenezi ndi nzeru za anthu amakono osalemekeza mawu. Ndiye tiyeni tione nyimbo yomwe tonse tinaiimba pabwalo la sukulu m'mawa uliwonse, nyimbo ya fuko lathu, imene anapeka Michael Sauka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964. Ili m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo zonse zimaimbidwa pa chuni chimodzi. Mukaziika pambali ndi pambali, muona kuti mizere yake imasinthana maphatikizo 9 ndi 6 m'zilankhulo zonse ziwiri, koma mawu safanana ndendende. Mzere woyamba wa Chingerezi umanena za "dziko lathu la Malawi", pomwe wa Chichewa umangoti "Mlungu dalitsani Malawi". Dziko lathu lija mulibe, ndipo ngakhale dzina la Mulungu linafinyidwa kukhala maphatikizo awiri kuti mzere ukwane 9. Pamene Chingerezi chikupempha kuti mitima yathu yonse ilumikizidwe pamodzi ikhale umodzi, Chichewa chimathera pa mawu atatu, "Lunzitsani mitima yathu". Pamene Chingerezi chikuti tikhale omasuka ku mantha, Chichewa chimangoti "kuti tisaope". Koma mzere umene ndimaukonda ndi wa adani aja: "njala, nthenda, nsanje". Pa kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku tikanati matenda, koma matenda ali ndi maphatikizo atatu ndipo akanaswa mzere. Nthenda ili ndi awiri, ndipo mawu atatuwo onse amayamba ndi n, n'kumagunda ofanana ngati minsi itatu mumtondo umodzi. Kukoma kumeneko m'Chingerezi mulibe. Zaka zonsezi sindinamvepo munthu akudandaula kuti nyimbo ya fuko ya Chichewa ndi yabodza chifukwa inasiya "dziko lathu". Aliyense amamva kuti ndi pemphero limodzimodzi.

Chifukwa chake zimenezi zimachitika chili m'kapangidwe ka chilankhulo chathu, ndipo womasulira amene sanachimvetse amangolimbana ndi khoma. Pafupifupi maphatikizo onse a Chichewa amathera pa lembo la liwu, ndipo mneni amanyamula zambiri m'thupi mwake. Liwu limodzi loti "simubweranso" lanyamula kukana, munthu wake, ulemu, kubwera ndi kubwereza. Kulemba kwake n'kwafupi, koma pakamwa ndi maphatikizo 5. Choncho ganizo lomwelo limatalika likalowa m'Chichewa. Pa ndakatulo yathuyi 28 inafika 49. Ngati mzere uyenera kukhala waufupi, china chake chituluke basi. Koma chilankhulo chomwecho chimatibwezera ndi dzanja lina. Tili ndi mvekero. "Zii" ndi phatikizo limodzi lotalika, koma lanyamula moto wozima, mphika wosatereka, ndi kusowa kwa munthu amene amakhala pamenepo akupemerera. Kuti Chingerezi chinene zonsezi chinafuna ziganizo ziwiri. Tilinso ndi mawu onga "mafuwa" omwe akatchulidwa, womva amaona kale khitchini yonse, phulusa, chikombe ndi mthiko. Womasulira liwu ndi liwu sangafike pa "zii", chifukwa palibe liwu la Chingerezi pa posita paja lomwe dikishonale ingamulozere kumeneko. Ndiye amalipira mtengo wa kutalika kwa Chichewa, osalandirako phindu lake.

Chotsutsa chachiwiri chinachokera kwa aphunzitsi, ndipo ndi chanzeru. Iwo anati ambiri amene amatumiza zithunzi zoterezi sakufuna zaluso. Akufuna adziwe chimene chalembedwa. Mwana wa fomu 2 akaona "pangoti zii" adzayesa kuti liwu la Chingerezi lija loti kuzizira limatanthauza bata, ndipo pa mayeso adzalakwa. Apa ndikuvomereza theka. Ngati wofunsa akuphunzira Chingerezi, mupatseni liwu ndi liwu, ndipo mumuuze kuti ichi ndi chofotokozera mawu. Ine ndemwe ndimayamba ndi chomwecho: ndimalemba kumasulira kouma papepala kuti ndione katundu yense amene alipo ndisanasankhe wonyamula. Koma chimenecho ndi nsanamira zomangira, ndipo cholakwa chimabwera pamene tachipereka kwa wolakatula n'kumuuza kuti ndakatulo yake ndi imeneyi. Munthuyo akaima kutsogolo kwa anthu, amene akumumvera alibe pepala la Chingerezi m'manja loti aziyerekeza. Amamva kamodzi kokha. Akamva "mphika ndi wozizira" amadikira kuti mwina kukubwera nkhani ya nsima, ndipo mzere wachinayi ukamafika mtima wawo sunakonzeke. Zikatero womasulira wawapatsa mawu onse koma sanawauze kuti pano pali maliro. Choncho yankho langa kwa aphunzitsi ndi lakuti funsani kaye kuti zomasulirazo zikupita kuti, m'kope kapena pakamwa. Pagulu lathu lija wofunsayo atafunsidwa anati akufuna mwana wake akalakatule pa mwambo wa Tsiku la Amayi kumpingo kwawo. Pamenepo nkhani ya mayeso inatha.

Chachitatu ndi chimene chikukhudza chithunzi chenichenicho, ndipo poyamba chimamveka ngati chosayankhika. Otsutsa anati pa chithunzi cha posita sumva chuni, sumuona mlakatuli, sudziwa ngati ndi nyimbo kapena ndakatulo, ndiye kayendedwe kamene ukuti ukuteteza wakamva kuti? Njira yotetezeka, iwo anatero, ndi kumamatira mawu amene ukuwaona. Koma zimene zinachitika zinaonetsa kuti kumamatira mawu si chitetezo. Chithunzi choyamba chija chinadulidwa pamwamba. Wojambula anaima pafupi kwambiri, ndipo mutu wa ndakatulo, womwe unkanena kuti ndi ya kwa mayi ake a mlakatuli, sunalowe. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la iwe ndi inu, ndiye mnzathu uja anayenera kusankha, ndipo anasankha "lako" ndi "subweranso". Ambiri amene anawerenga anamva ngati ndi bambo wodandaula mkazi amene wathawa ukwati, ndipo wina mpaka anaseka kuti bamboyo aphunzire kusonkha moto. Kenaka munthu wina anatumiza chithunzi cha posita yonse, mutu uli poyera, pambali pali chithunzi cha mayi wachikulire atavala duku. Kumasulira kumene kunkadzitama kuti sikunasinthe kanthu kunali kutatchula mayi womwalira kuti iwe. Apa phunziro lake ndi lakuti m'Chichewa palibe kumasulira kosasankha. Mneni aliyense amakukakamiza kunena kuti ukulankhula ndi yani ndipo umamulemekeza motani. N'chifukwa chake ndinaika "amayi" mu mzere wotsiriza: mutu wa posita sulakatulidwa, ndiye chimene mutuwo unkanena chinayenera kulowa m'thupi la ndakatulo.

Chithunzi chimanamanso m'njira ina imene ambiri saiganizira. Pa posita paja mizere inayi ija inaoneka ngati isanu ndi iwiri, chifukwa wokonza posita anaidula kuti izungulire chithunzi cha mayi uja, ndipo analemba zonse m'malembo akuluakulu opanda mpumiro. Mmodzi mwa omasulira atatu aja anatsata madulidwe amenewo, n'kutulutsa mizere isanu ndi iwiri yoduka pakati pa ganizo. Njira yodziwira mizere yeniyeni ndi yapafupi. Werengani mokweza, kawiri kapena katatu, mukuomba m'manja pa liwu lililonse logunda. Yang'anani mawu omveka mofanana, chifukwa m'ndakatulo zambiri za Chingerezi amakhala kumapeto kwa mizere. Kenaka werengani maphatikizo kuchokera pamenepo. Mukapeza 8, 6, 8, 6, dziwani kuti mwagwira muyeso umene nyimbo zambiri za m'tchalitchi zimayendera, ndipo mufunse msanga ngati mawuwo ali ndi chuni. Choncho kayendedwe kamamveka ndithu ngakhale pa chithunzi, bola womasulira atsegule pakamwa. Ndipo ngati m'mphepete mwa chithunzi mukuoneka zidutswa za malembo, kapena kuwala kwa fulashi kwaphimba liwu, pemphani chithunzi china musanalembe kanthu. Kulosera liwu lophimbika ndiye bodza lenileni, loposa kusintha chitseko kukhala khoma.

Funso la chuni lija si lachabe, chifukwa yankho lake limasintha ntchito yonse. Yathu inali yolakatula, ndiye ndinali womasuka kusankha muyeso wanga, ndipo ndinasankha 8 pa mzere uliwonse chifukwa ndi utali umene mwana angaunene ndi mpweya umodzi. Ikanakhala yoimba pa chuni cha 8, 6, 8, 6, mzere wachiwiri ndi wachinayi ikanayenera kuonda kufika pa 6, mwina "khasu lili panja" ndi "simubwera, mayi", ndipo mukuona nokha kuti kutsamira kuja kwapita, ndi "nso" uja amene amanyamula imfa yonse wapitanso. Pali vuto linanso. M'Chichewa timakoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza: timati khooma, osati khomaa. Mizere yambiri ya Chingerezi imathera pa phatikizo logunda, ndiye chuni chake chimaika noti yaitali pamapeto penipeni. Mukaikapo liwu la Chichewa, woimba amakakamizika kukoka phatikizo lomaliza, limene polankhula timangolidutsa. Tinazolowera kumva zimenezi m'nyimbo zakale za m'tchalitchi mpaka sitizindikiranso, koma otsogolera makwaya amadziwa kuti mpingo umameza mawu pa malo oterowo. Mankhwala ake ndi kufuna liwu lomwe mapeto ake amalola kukokedwa, monga mvekero, kapena kupempha woimbitsa agawe noti yomalizayo pawiri. Zonsezi womasulira woyang'ana pa dikishonale yekha sazimva.

Tsopano nditembenukire kwa anzanga a mbali yanga, chifukwa chotsutsa chachinayi chikuwakhudza iwo, ndipo otsutsa akunena zoona. Iwo anati mukangolola kuti kukoma kulamulire, aliyense azilemba zake n'kumati wamasulira. Umboni wake unali pomwepo. Womasulira wachitatu uja anatsiriza ndime yake ndi mawu akuti tidzaonana kumwamba, Ambuye akusungeni. Anthu ambiri anaikonda, ena anaikapo timitima. Koma imeneyo ndi imene ine ndinaikana kwambiri kuposa ya liwu ndi liwu ija. Mlakatuli wa pa posita sanatonthoze munthu. Anaima pakhomo, anaona khasu, anaona munda, n'kunena kuti mayi ake sabweranso, basi. Mphamvu ya ndakatuloyo ili pa kusatonthozako. Woikapo kumwamba wasintha mmene mwini wake akumvera, ndipo chimenecho ndi chimodzi mwa zinayi zija zosagonja. Choncho si zoona kuti mbali ya khutu ilibe malire. Muyeso wake ndi wakuti chilichonse chimene wachotsa chikhale choti womva angachipeze yekha mu zimene zatsala, ndipo chilichonse chimene waonjeza chikhale choti chinalipo kale pa posita. "Kunyumba" ndinachotsa chifukwa mafuwa ndi khoma ndi nyumba kale. "Koma" ndinachotsa chifukwa kupuma kumene kumabwera pambuyo pa "amayi" kumagwira ntchito yomweyo. "Amayi" anali pa mutu. Kumwamba kunalibe paliponse.

Womasulira wachitatu yemweyo anagweranso mu msampha wina umene umakola ambiri, wofuna kuti mizere izithera pa kamvekedwe kofanana chifukwa Chingerezi chinatero. M'Chichewa zimenezi n'zotchipa. Tili ndi malembo a liwu asanu okha, ndipo aneni ambiri amathera pa a, moti mizere iwiri iliyonse ingathe kufanana mapeto mwangozi. Khutu la Mchewa silidabwa nazo. Wozisakasaka amayamba kupotoza ziganizo, kuika mneni pamalo pachilendo, kapena kubweretsa liwu losafunika kuti mapeto angofanana. Kukoma kwathu kumachokera kwina: pa kubwereza, pa mizere yolingana utali, pa mvekero, ndi pa mgwirizano wa mawu umene umadzibweretsa wokha. Tamverani "chimanga chanu chakula". Ch katatu, popanda kukakamiza, chifukwa galamala yathu imatero yokha. Ndi chimene chinandichititsa kusamutsa umwini kuuchotsa pa khasu. "Khasu lanu latsamira khoma" likanakhala ndi maphatikizo 10, pomwe chimanga chinali ndi malo a maphatikizo awiri opanda kanthu, ndipo "chanu" atakhalapo anabweretsa ganizo lowawa lakuti anadzala ndi iwo koma sadzadya nawo. Wina angati ganizo limenelo ndi langa. Ine ndikuti munda wa mayi amene khasu lake lili pakhomo ndi wa yani?

Pali chinthu chimodzi chimene otsutsa anandigwira nacho ndipo sindinathe kuwayankha mokwanira, ndicho mvula. Ndinadziteteza kuti chimanga sichikula popanda mvula, choncho womva aipeza yekha, ndipo pa muyeso wanga uja zikukwana. Koma mphunzitsi wa Chingerezi uja anandionetsa chimene ndinaphonya. M'ndakatulo yoyambayo mneni wa mvula ndi mneni wa mayi ndi mmodzi: mvula yabwera, inu simubwera. Mlakatuli anaziika dala moyang'anizana, kuti chimene chimabwerera chaka ndi chaka chionetse amene sabwerera. Kumasulira kwake kouma kuja kunasunga zimenezi, kwanga kunazitaya. Ndinayesa kuzibweza. "Mvula yabwera, chakula" ili ndi maphatikizo 8, koma chakula chiyani? "Yabwera mvula, amayi, inu simubweranso" ikukoma, koma ikudya mizere iwiri n'kukankhira chimanga kunja. Ndinaganizapo zoonjeza mzere wachisanu, koma ndime ya mizere inayi ikakhala isanu imapendama ngati tebulo la mwendo umodzi wautali. Pamapeto pake ndinasiya chimanga chikhale, chifukwa mu Okutobala, nthawi imene ndakatuloyo imakalakatulidwa, anthu amakhala akusosa ndi kugalauza, maganizo ali pa munda, ndipo ndinaona kuti chimanga cha mayi chiwagwira msanga. Womasulira wina akanasunga mvula n'kutaya chimanga, ndipo sindikanamutsutsa, malinga ngati mizere yake ikuyenda. Mnzanga uja mpaka lero amati ndinaba mvula ya mwini wake, ndipo tikakumana amandifunsa ngati ndaibweza.